Zilonda zam'mimba: kodi omepurazo, simetidini ndi maginiziyamu zimasiyana bwanji?

Mukapita kuchipatala kapena kufamase ndi vuto la kutentha pachifu, nthawi zambiri mumabwerako ndi amodzi mwa mankhwala atatu: mapilitsi otafuna a maginiziyamu, simetidini, kapena makapisozi a omepurazo. Anthu ambiri amangowatchula onsewa kuti mankhwala a zilonda zam'mimba, koma sagwira ntchito mofanana. Ena amangoziziritsa ululu kwa kanthawi, ena amapoletsa chilonda, ndipo palibe ngakhale amodzi mwa atatuwa amene amachotsa chimene chinayambitsa chilondacho.

Chilonda chimayamba bwanji?

Chifu chanu chimapanga asidi wothandiza kugaya chakudya, ndipo mkati mwake muli chinthu chonanda chimene chimateteza khungu la chifu kuti asidiyo asalitenthe. Chitetezochi chikawonongeka, asidi amakumba bala m'chifu kapena poyambira matumbo aang'ono.

Zinthu ziwiri ndizo zimawononga chitetezochi kawirikawiri. Choyamba ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya kotchedwa Helikobakita pailori, kamene anthu ambiri amakatenga ali ana. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndiwo anasonyeza kuti kachilomboka kamayambitsa zilonda, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Chachiwiri ndi mankhwala ochepetsa ululu monga indosidi, bulufeni, dikilofenaki ndi asipirini. Tsabola, kudya mochedwa ndi maganizo zimatha kukulitsa ululu, koma pazokha si zimene zimaboola chifu. Fodya amachedwetsa kupola kwa chilonda.

Mitundu itatu ya mankhwala

Ganizirani mjigo umene anthu atatu akupopa, madzi n'kumasefukira pabwalo. Madziwo ndi asidi. Mjigo ndi timapampu tating'ono kwambiri tokhala m'khungu la chifu. Anthu atatuwo ndi mauthenga atatu a m'thupi amene amauza timapamputi kuti tigwire ntchito, ndipo umodzi mwa mauthengawo umatchedwa hisitamini.

Mankhwala opha mphamvu ya asidi, monga maginiziyamu ndi aluminiyamu, ali ngati kukolopa madzi amene atayika kale. Ululu umatsika m'mphindi zochepa, koma mjigo ukupopabe. Ngati m'mimba mulibe chakudya, mphamvu yake imatha ola lisanakwane. Maginiziyamu amatha kutsegula m'mimba, pamene aluminiyamu amadzimbiditsa. Soda wophikira therere, amene ena amasungunula m'madzi n'kumwa, amagwiranso ntchito motere, koma ali ndi mchere wambiri, choncho si wabwino kwa odwala kuthamanga kwa magazi, mtima kapena impso.

Mankhwala otsekereza hisitamini, monga simetidini ndi famotidini, ali ngati kuchotsa munthu mmodzi pamjigo paja. Asidi amachepa ndithu, makamaka wa usiku, ndipo mumayamba kumva kusintha ola limodzi likamakwana. Koma awiri otsala aja amapopabe, makamaka mukangodya. Komanso mukamwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku, thupi limawazolowera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mphamvu yake imatsika. Simetidini anayamba kugulitsidwa mu 1976 ndipo anapulumutsa anthu ambiri ku opaleshoni. Mnzake ranitidini anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri mu 2020 atapezeka ndi zinthu zimene zingayambitse khansa. Ngati muli ndi wakale m'nyumba, musamwe.

Mankhwala otseka pampu, monga omepurazo ndi anzake a mayina othera mofanana, ali ngati kukhoma loko pamjigo penipenipo. Kaya opopa akhale angati, madzi satuluka. Pampu imene yatsekedwa simatsegukanso mpaka thupi litapanga ina yatsopano, n'chifukwa chake kapisozi mmodzi amagwira ntchito pafupifupi tsiku lonse. Omepurazo anayamba kugulitsidwa mu 1988.

N'chifukwa chiyani madokotala amasankha omepurazo?

Chilonda chimapola msanga ngati asidi wakhala wochepa kwa maola ambiri patsiku, ndipo apa omepurazo ndiye amapambana. Pa zilonda za poyambira matumbo, pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse amapola m'masabata 4 akamwa omepurazo, pamene ndi mankhwala a gulu la simetidini amapola 7 kapena 8. Mlingo wodziwika kwa munthu wamkulu ndi mamiligalamu 20 kamodzi patsiku, kwa masabata 4 ngati chilonda chili poyambira matumbo, kapena 8 ngati chili m'chifu mwenimweni. Chilonda chikamatuluka magazi, gulu la omepurazo ndi limenenso achipatala amadalira.

Koma omepurazo ali ndi malamulo ake awiri. Loyamba, amatseka mapampu okhawo amene akugwira ntchito, ndipo mapampu ambiri amadzuka mukadya chakudya choyamba cha tsiku. Choncho imwani kapisozi mphindi 30 mpaka 60 musanadye m'mawa, ndipo mezani osatafuna. Ngati mukusala m'mwezi wa Ramadani, imwani musanadye chakudya cha m'bandakucha. Lachiwiri, sachita changu. Amafika pamphamvu yake yonse pakatha masiku 3 mpaka 5. Munthu amene amamwa kapisozi mmodzi pokhapokha pamene m'mimba mwawawa, n'kusiya, amawagwiritsa ntchito ngati maginiziyamu, ndipo chilonda chake sichipola.

Tiyerekeze ndi msodzi wa ku Nkhotakota

Tiyerekeze kuti ndinu msodzi wa usipa wokhala kufupi ndi Chia. Usiku wonse mumapalasa bwato ndi kukoka chilimira, msana n'kumapweteka, ndiye mumagula indosidi pagolosale n'kumwa m'mimba mulibe kanthu. Pakapita miyezi mumayamba kumva kutentha pansi pa chifuwa, makamaka pakati pa usiku, ndipo kumaleka mukadya kanthu. Mumatafuna maginiziyamu, ululu n'kutha, koma pakangopita kanthawi umabweranso.

Vuto si lakuti maginiziyamu ndi achinyengo. Achita ntchito yake. Koma indosidi akupitiriza kuwononga chifu, ndipo mwina kachilombo kaja kalinso momwemo.

Mukapita kuchipatala chachikulu cha boma la Nkhotakota, ku St Anne's kapena kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, tengani timapaketi ta mankhwala onse amene mukumwa. Njira yoyenera imayamba ndi kusiya indosidi ndi anzake onse. Pa ululu wa msana, panado ndiye sawononga chifu.

Kenako pamabwera nkhani ya kachilombo. Kumene zipangizo zilipo, amayeza chimbudzi. Uzani adokotala ngati mwakhala mukumwa omepurazo, chifukwa amabisa kachilomboka ndipo zotsatira zimatha kunama kuti mulibe. Pamafunika kuwasiya kwa masabata awiri musanayezetse. Akaona kuti kachilombo kalipo, amakupatsani mankhwala atatu pamodzi, kawirikawiri kwa masiku 14: omepurazo kawiri patsiku, amokisisilini, ndi fulajilo kapena kilarithiromayisini. Omepurazo ali pamenepa chifukwa mankhwala opha tizilombo amagwira bwino ntchito asidi akachepa. Maginiziyamu sangalowe m'malo mwake.

Tsiku lachinayi kapena lachisanu ululu umatha, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amasiya mankhwala n'kubwerera panyanja, otsalawo n'kupatsa mnzawo. Tizilombo totsala timachulukananso, ndipo ulendo wachiwiri timavuta kupha. Malizani masiku onse, ndipo ngati muli pa fulajilo musamwe mowa uliwonse, chifukwa mutha kusanza kwambiri. Kachilomboka kakapanda kuphedwa, anthu ambiri chilonda chimawabwerera chaka chisanathe, ngakhale chinapola bwino ndi omepurazo. Kakaphedwa, ndi ochepa amene amadwalanso.

Ngati mukumwa mankhwala ena, samalani apa

Maginiziyamu ndi aluminiyamu amagwira mankhwala ena m'mimba n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi. Amodzi mwa iwo ndi dolutegiraviri, amene ali m'pilitsi la ma ARV limene anthu ambiri m'Malawi muno akumwa masiku ano. Imwani ma ARV maola awiri musanatafune maginiziyamu, kapena dikirani maola 6 mutatafuna. Sipurofulokisasini ndi dokisisayikilini nawonso sayenera kumwedwa nthawi imodzi ndi maginiziyamu.

Omepurazo sagwirizana ndi atazanaviri, amene amapatsidwa kwa ena osinthidwa ma ARV, chifukwa mankhwalawa amafuna asidi kuti alowe m'thupi. Ngati simukudziwa mtundu wa ma ARV anu, funsani kumene mumalandirira musanagule omepurazo.

Simetidini amachedwetsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena, monga fenitoyini wa khunyu ndi wafarini wochepetsa kuundana kwa magazi, motero amachuluka m'thupi. Kwa amuna ena owamwa nthawi yaitali, mawere amatupa. Famotidini sabweretsa kwenikweni mavuto amenewa.

Omepurazo nayenso si womwa chaka ndi chaka popanda chifukwa. Asidi amapha tizilombo tina tobwera ndi chakudya, choncho akachepa kwa nthawi yaitali matenda otsegula m'mimba amatha kukugwirani mosavuta. Mukasiya mutamwa miyezi ingapo, kutentha pachifu kumatha kubwerera kwa masabata ochepa. Nthawi ngati imeneyi ndi pamene maginiziyamu kapena famotidini amathandiza.

Pamene mankhwala ogula nokha sakuyeneranso

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo mukasanza magazi kapena zinthu zakuda ngati khofi, mukachita chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu, kapena m'mimba mukawawa mwadzidzidzi n'kuuma gwa ngati thabwa. Chomalizachi chimatha kutanthauza kuti chilonda chaboola, ndipo pamafunika opaleshoni mwachangu.

Kwa inu okhala m'mbali mwa nyanja, dziwaninso kuti kusanza magazi si chilonda nthawi zonse. Likodzo la m'matumbo likakhalitsa limawononga chiwindi, mitsempha ya kum'mero n'kutupa mpaka kuphulika, ndipo omepurazo sangachiritse zimenezi.

Pitaninso kukaonana ndi adokotala ngati chakudya chikukuvutani kumeza, mukuwonda osadziwa chifukwa, mukusanza kawirikawiri, magazi akuchepa m'thupi, kapena vutoli layamba koyamba muli munthu wachikulire. Khansa ya kum'mero ndi yofala m'Malawi, ndipo omepurazo amatha kuziziritsa ululu kwa miyezi pamene matenda akukula. Chimodzimodzi ngati mwamaliza masabata onse a mankhwala koma simukupeza bwino. Zikatere adokotala angakutumizeni kuchipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera pakamwa kuti aone chenicheni chimene chili m'chifu mwanu.