Kuchoka pa Kope Kufika pa Foni: Mbiri ya Kaundula wa Katundu wa M'sitolo

Kaundula wa katundu wa m'sitolo amayankha mafunso awiri amene wamalonda aliyense amadzuka nawo: kodi katunduyu apikulidwe liti, nanga apikulidwe wochuluka bwanji? Kwa mwini golosale wa kwa Chowe, pa msewu wokwera mapiri wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Namwera ndi ku Chiponde, mafunsowa ngolemera. Akachedwa, wogula amapeza alumali ili mbee n'kupita pa okala ina. Akapikula wambiri, mpamba umagona m'makatoni pomwe sopo ndi mafuta ophikira zatha.

Kaundula wolembedwa anafala m'dziko muno ndi masitolo a atsamunda. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1878, ndipo katundu wake ankachokera kutsidya kwa nyanja n'kukwera ndi mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Pamene Fort Johnston, Mangochi wa lero, ankakhazikitsidwa mu 1891, nsalu yoitanitsidwa ku Ulaya inkatha miyezi ili m'njira. Kalaliki wa sitolo ankalemba m'buku zolowa ndi zotuluka, chifukwa woyembekezera kuti mtolo womaliza uthe ankakhala nyengo yathunthu opanda chogulitsa. Amwenye amene anatsegula masitolo m'maboma ndi m'midzi ankasunganso mabuku awo. Boma la Kamuzu Banda litawachotsa m'madera akumidzi m'zaka za m'ma 1970, malondawo anatsalira Amalawi, amene ambiri ankapikula ku Chipiku. Iwo anadalira kope la sukulu ndi maso: paketi zikachepa pa alumali, ndiye kuti nthawi ya ulendo yakwana.

Masamu ake anali atatulukira kale kwina. Mu 1913 Ford W. Harris wa ku Amereka anasonyeza kuti kuoda kuli ndi mitengo iwiri yolimbana. Ulendo uliwonse wokapikula umadya ndalama, choncho kuoda pang'onopang'ono n'kodula. Kusunga katundu nakonso kumadya ndalama, choncho kuoda wambiri n'kodulanso. Njira yake, `Q = √(2DS/H)`, imapeza pakati: `D` ndi katundu wogulitsidwa pa chaka, `S` ndi mtengo wa ulendo umodzi, `H` ndi mtengo wosungira chinthu chimodzi kwa chaka. Phunziro lake n'lakuti malonda akakula kanayi, oda iyenera kukula kawiri kokha. Koma kwa zaka zambiri masamuwa anathandiza mafakitale ndi masitolo akuluakulu basi, popeza panalibe amene akanawerengera pamanja zinthu 200 usiku uliwonse.

Makina ndiwo anachotsa chopingachi. Pa 26 Juni 1974, mu sitolo ya mu tawuni ya Troy ku Ohio, paketi ya chingamu inagulitsidwa koyamba poiunika timizere ta bakhodi. Kuyambira pamenepo kugulitsa ndi kuchotsera mu kaundula zinakhala ntchito imodzi. Mu 1979 kunabwera VisiCalc, tebulo la pa kompyuta lowerengera lokha, ndipo Excel anatsatira mu 1985.

Ku Malawi, chitsanzo chomveka bwino cha kaundula woitanitsa yekha katundu kumudzi chinachokera ku zaumoyo osati ku malonda. Mu 2011 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la JSI, unayamba cStock m'maboma ochepa, kenaka inafalikira m'dziko lonse. Mlangizi wa zaumoyo wa pa chipatala cha m'mudzi ankatumiza uthenga wa pa foni wamba wonena mankhwala amene watsala nawo. Kompyuta inkawerengera yokha amene akufunika kuti afike pa mlingo wake, n'kudziwitsa chipatala chimene ankatengako. Nzeru yake ndi yomweyo imene golosale imafuna, ndipo inasonyeza kuti foni yotsika mtengo njokwanira.

Mmene zimayendera zimaoneka bwino pa chitsanzo chongoyerekeza. Golosale ya kwa Chowe imagulitsa mapaketi 6 a shuga pa tsiku. Kuchokera pamene mwini wake waganiza zooda kufika pamene belo latsitsidwa pakhomo pamapita masiku 3, chifukwa ayenera kutolera ndalama, kupeza galimoto ndi kuwoloka Shire kukafika pa boma. M'masiku amenewo adzagulitsa mapaketi 18. Awonjezerepo 12 odikirira tsoka, monga mvula kapena kusowa kwa mafuta a galimoto. Malire ochenjezera ndi 30: shuga akafika pamenepo, kaundula amaonetsa chizindikiro. Ngati akufuna kuti oda imodzi imusunge masiku 14, mlingo wapamwamba ndi 6 kuchulukitsa ndi 17, omwe ndi masiku 14 ndi 3 odikira aja, kuphatikiza 12, zomwe ndi 114. Tsiku limene watsala ndi 28, akupereŵera 86. Popeza belo limakhala ndi mapaketi 20 ndipo sapikula theka, aode mabelo 5. Pa tebulo la pa kompyuta kapena pa foni, `B2` ikakhala otsala, `C2` ogulitsa pa tsiku, `D2` masiku odikira, `E2` odikirira tsoka, zimalembedwa motere:

```
=IF(B2<=C2*D2+E2,"ODANI","ALIPO")
=ROUNDUP((C2*(14+D2)+E2-B2)/20,0)
```

Ngati pali mabelo amene analipiridwa kale koma sanafike, ayenera kuphatikizidwa ku otsala, apo ayi kaundula adzaitanitsa kawiri.

Zolakwika zake zambiri zimachokera ku nambala zolowetsedwa, osati ku masamu. Paketi imene yapita ku khitchini ya mwini sitolo, imene yatengedwa pa ngongole osalembedwa, kapena imene yatsegulidwa kuti igulitsidwe m'timapepala ting'onoting'ono, foni imaionabe ngati ili pa alumali. Chizindikiro cha vutoli n'chosabisika: kaundula akuti alipo 35, dzanja likuwerenga 24, ndipo chenjezo silinabwere. N'chifukwa chake kuwerenga sitoko pamanja sikunathe ntchito ngakhale m'masitolo aakulu a ku Blantyre.

Cholakwika chobisika kwambiri chimabwera katundu akatha. Tiyerekeze kuti m'mwezi wa masiku 30 shuga analipo masiku 24 okha, ndipo anagulitsidwa mapaketi 144. Kugawa ndi 30 kumapereka 4.8 pa tsiku m'malo mwa 6. Malire ochenjezera amatsika kuchoka pa 30 kufika cha pa 26, oda yotsatira imachepa, shuga amathanso msanga, ndipo mwezi winawo nambala imatsikanso. Kaundula wabwino amagawa ndi masiku amene katundu analipo okha.

Nyengo nazo zimasocheretsa makina amene amangoyang'ana mwezi wathawu. Kwa Chowe ndi madera ozungulira, kumene Asilamu ndi ambiri, mwezi wa Ramadani ndi masiku a Idi zimasintha kagulidwe ka shuga, mpunga ndi mafuta, ndipo mweziwo umabwerera m'mbuyo pafupifupi masiku 11 chaka chilichonse, kotero kufananiza Malichi wa chaka chino ndi Malichi wa chaka chatha sikuthandiza. Mwini sitolo ayenera kukweza `C2` ndi dzanja lake nthawi isanafike, n'kuitsitsa m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale.

Masamu a Harris amaganizanso kuti mtengo wa katundu sugwedezeka. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi katundu wosawola m'nyumba anapindula, pomwe amene anali ndi ndalama m'thumba anapikula zochepa. Pa nthawi yotere nambala imene kaundula wapereka imakhala poyambira chabe. Ngati mpamba ukukwanira mabelo 3 okha mwa 5 aja, mapaketi 60 amenewo akafika amakweza otsala kuchoka pa 10 kufika pa 70, ndipo chenjezo limabweranso pakatha sabata imodzi.