Kodi beta inafadi? Mbiri ya mkangano wa CAPM ndi APT

M'makalasi a zachuma mumamveka kankhani kakuti njira yoyezera phindu la masheya yotchedwa CAPM inatha ntchito, ndipo APT ndiyo inaiponya kumanda. Ophunzira ambiri amalemba zomwezi pamayeso. Ine ndikukayika, chifukwa mbiri ya njira ziwirizi ikusonyeza zina.

Gwero lake ndi 1952, pamene Harry Markowitz anasonyeza kuti chiopsezo cha sheya chisamayezedwe payokha, koma poona mmene ikugwedezera mtolo wonse wa masheya amene munthu ali nawo. Jack Treynor analemba maganizo ofanana ndi CAPM cha m'ma 1961, koma pepala lake linakhala zaka zambiri osasindikizidwa. William Sharpe anatulutsa lake mu 1964, John Lintner mu 1965, Jan Mossin mu 1966.

Mfundo yawo ndi yakuti chiopsezo chili pawiri. China ndi cha kampani imodzi, monga fakitale kupsa, ndipo chimasungunuka mukagula masheya a makampani ambiri. Msika sungakulipireni kanthu pa chiopsezo chimene mukanatha kuchipewa mwaulere. Chimene umalipira ndi chiopsezo cha msika wonse, ndipo muyeso wake ndi beta. Sheya ya beta 1.5 imakonda kukwera kapena kutsika ndi 15 peresenti msika ukasuntha ndi 10 peresenti.

```
E(Ri) = Rf + βi × [E(Rm) − Rf]
```

Tiyerekeze kuti kukongoza boma, komwe timati kulibe chiopsezo, kukupereka 4 peresenti, ndipo msika wonse ukuyembekezeka kupereka 10. Mphotho ya chiopsezo ndi 6. Sheya ya beta 1.5 iyenera kupereka 4 kuphatikiza 9, yomwe ndi 13 peresenti. Masamu ake ndi omwewa basi, koma kuti atheke pamafunika kuti ogula onse aziona tsogolo mofanana, azibwereka ndi kubwereketsa pa chiwongoladzanja chimodzi, ndipo onse asunge mtolo umodzi womwewo wa msika wonse.

Ming'alu inaoneka msanga. Mu 1972 Fischer Black, Michael Jensen ndi Myron Scholes anapeza kuti masheya a beta yotsika amapereka zoposa zimene CAPM imalosera, pamene a beta yokwera amaperewera. Mu 1977 Richard Roll anabaya pamtima penipeni. Iye anati msika umene CAPM imanena ndi chuma chonse cha padziko, kuphatikizapo nyumba, minda ngakhale luso la anthu, ndipo palibe amene angauyeze. Mukayesa CAPM ndi mndandanda wa masheya, ikalephera simungadziwe ngati cholakwa ndi njirayo kapena mndandanda wanuwo.

Chaka chimodzi Roll asanalankhule, mu 1976, Stephen Ross anali atatulutsa APT. Iye sanafune kuti aliyense aziganiza mofanana. Anangoti phindu la masheya limayendetsedwa ndi zinthu zingapo za m'chuma, sheya iliyonse ili ndi beta yakeyake pa chinthu chilichonse, ndipo mitolo iwiri ya chiopsezo chofanana singapereke phindu losiyana kwa nthawi yaitali.

Nachi chitsanzo cha chinthu chimodzi. Mtolo woyamba uli ndi beta 0.5 ndipo ukupereka 7 peresenti, wachiwiri uli ndi beta 1.5 ndipo ukupereka 13. Mukasakaniza theka ndi theka mumapeza beta 1 ndi phindu la 10 peresenti. Ndiye tinene kuti pali mtolo wachitatu, wa masheya ambirimbiri, wa beta 1 koma ukupereka 12. Wochenjera abwereka masheya a msakanizo uja a madola 1 miliyoni, awagulitsa, n'kugula mtolo wachitatu ndi ndalamazo. Ma beta afafanizana, iye sanatulutse yake, koma watsala ndi madola 20,000 pachaka. Anthu ochepa a ndalama zambiri akatero, mtengo wa mtolo wachitatu ukwera mpaka phindu lake litsikire pa 10. Apa ndi pamene njira ziwirizi zimasiyana kwambiri: CAPM imadalira onse, APT imadalira ochepa atcheru.

Koma Ross sananene kuti zinthuzo ndi ziti, ndi zingati, kapena mphotho ya chilichonse ndi yotani. CAPM imatchula chinthu chake koma sichiyezeka, APT sifuna msika wonse koma imasiya mpata wopanda dzina. Mu 1986 Nai-Fu Chen, Roll ndi Ross anayesa kudzaza mpatawo ndi zinthu monga kakulidwe ka zopangidwa m'mafakitale, kukwera mitengo kosayembekezeka, ndi kusiyana kwa chiwongoladzanja pa ngongole zosiyanasiyana. Mu 1990 Sharpe analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Markowitz ndi Merton Miller. Patangopita zaka ziwiri, Eugene Fama ndi Kenneth French anasonyeza kuti kukula kwa kampani ndi kutchipa kwa sheya poyerekeza ndi chuma cha m'mabuku a kampaniyo zimafotokoza phindu kuposa beta. Apa m'pamene mbiri ya imfa ya beta inawanda.

Mmene ndikuonera, zinthu zinayamba kupotoka pomwepa. Mpata wa Ross unasanduka chilolezo chofufuza manambala akale mpaka chinachake chioneke ngati chikugwira. Kafukufuku wa Campbell Harvey ndi anzake wa mu 2016 anawerenga zinthu zoterezi zoposa 300, ndipo anachenjeza kuti zambiri mwa izo mwina ndi mwayi chabe.

Mayeso owawa anabwera mu Ogasiti 2007 ku America. Mabungwe ambiri oyendetsa ndalama pogwiritsa ntchito masamu anali kugula masheya otchipa ndi kugulitsa obwereka odula, mwakuti beta yawo pa msika inali pafupifupi ziro. Pa muyeso wa CAPM analibe chiopsezo cha msika. Koma phindu la malondawa linali lochepa, choncho ankalikulitsa ndi ngongole, ndipo poti ankawerenga mapepala omwewo, anali ndi masheya omwewo. Ofufuza ambiri amakhulupirira kuti bungwe lalikulu limodzi kapena angapo linagulitsa mitolo yake mwachangu pofuna ndalama, mwina litaluza pa ngongole za nyumba. Masheya amene onse anagula anatsika, amene onse anabwereka anakwera. Obwereketsa atafuna chikole chowonjezera, enanso anagulitsa, mitengo n'kupitirira kusokonekera.

Izi zinachitika kuyambira Lachiwiri pa 7 mpaka Lachinayi pa 9, ndipo masiku awiri oyambawo msika wonse sunagwe n'komwe. Amir Khandani ndi Andrew Lo atayerekeza malonda a mtunduwu anapeza kuluza kwa pafupifupi 7 peresenti m'masiku atatuwo, komwe ndi ngongole yochulukitsa kanayi kumafika cha m'ma 27 peresenti. Lachisanu pa 10 mitengo inabwerera kwambiri, koma amene anagulitsa mokakamizidwa phindulo linawadutsa. Beta sinaone ngoziyi. APT nayo inagwa mphwayi, chifukwa ochenjera amene imawadalira kuti akonze mitengo ndi omwe anali kuthawa.

Nanga beta inafa? Kafukufuku wa John Graham ndi Harvey wa mu 2001 anapeza kuti akuluakulu a zachuma m'makampani pafupifupi atatu mwa anayi alionse ankagwiritsabe ntchito CAPM. Chifukwa chake n'chosavuta: imafuna manambala atatu okha, ndipo aliyense angatsutse nambala imene sakugwirizana nayo. Wofuna kuyerekeza mtengo wa ndalama za pulojekiti ayambe ndi CAPM, akudziwa kuti imachepetsa phindu la masheya a beta yotsika. Wofuna kudziwa chimene chingagwetse mtolo wake agwiritse ntchito njira ya zinthu zingapo. Polemba mayeso musanene kuti APT inapha CAPM. Nenani kuti APT inachotsa zofunika zambiri za inzake, n'kulipira potaya dzina la chiopsezo.