Agogo akumva phokoso la kanema koma osati mawu? Musathamangire kukweza voliyumu

Ngati kunyumba kwanu kuli munthu wachikulire amene amafunsa kawirikawiri kuti "wati chiyani?" pamene mukuonera filimu, mwina mwaona kuti kukweza voliyumu sikuthandiza kwenikweni. Nyumba yonse imadzaza phokoso, koma agogo akulepherabe kutsatira nkhani. Chofunika ndi kukweza mawu a anthu okha, nyimbo ndi phokoso lina n'kuzitsitsa.

Chimachitika n'chiyani m'khutu?

Mkati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi timene timatumiza uthenga wa mawu ku ubongo. Munthu akamakula, timaseloti timatha pang'onopang'ono ndipo sitimeranso. Toyamba kutha ndi timene timamva mawu aang'ono, okwera, ngati kulira kwa mbalame. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mwa anthu 100 aliwonse opitirira zaka 60, oposa 25 ali ndi vuto lakumva lowasokoneza pa moyo wawo.

Malembo monga s, f, ch ndi th amamveka mokwera komanso mopepuka, pomwe a, o ndi u amamveka mwamphamvu. Choncho agogo amamva kuti munthu akulankhula, koma "sala" ndi "chala" zimamveka ngati mawu amodzi. Kugunda kwa ng'oma kapena kulira kwa galimoto mufilimu kumaphimba timalembo topepukati. Mukakweza voliyumu, mawu ndi phokoso zimakwera limodzi. Komanso khutu lotere silichedwa kupweteka ndi phokoso lalikulu, n'chifukwa chake agogo omwewo angadandaulenso kuti mwasokosa.

Zimene mungasinthe

Tiyerekeze kuti amayi anu a zaka 70 amaonera filimu madzulo pa kanema wolumikizidwa ku sabuwufa. Yambani ndi sabuwufayo. Tsitsani besi mpaka kugunda kuleke kumveka pachifuwa, kenako kwezani pang'ono polembedwa Treble. Besi ndiye amaphimba mawu kwambiri.

Ngati mawu akutulukira pa kanema weniweniyo, tengani rimoti, lowani pa Settings, kenako Sound. Makanema ambiri ali ndi njira yomveketsa zolankhula. Pa LG imalembedwa Clear Voice, pa Samsung ndi Amplify, ndipo ena amalemba News kapena Speech. Sankhani imeneyo m'malo mwa Movie kapena Music. Ngati pali Surround, izimitseni, chifukwa nthawi zambiri imamwaza mawu n'kumamveka ngati akuchokera patali.

Mukapeza Equalizer, muona mizere yokhala ndi manambala. Tsitsani 100Hz ndi 300Hz masitepe awiri kapena atatu, chifukwa kugunda kumakhala pamenepo. Kenako kwezani 3kHz, kapena nambala yoyandikana nayo, masitepe awiri, poti malembo ambiri osiyanitsa mawu amamvekera chapamenepo. Mukapyola muyezo, mawu amayamba kulasa m'khutu ndipo s amamveka ngati mluzu. Zikatero bwererani sitepe imodzi.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, pa voliyumu yomweyo. Poyesa musawafunse kuti "mukumva?", chifukwa ambiri amangovomera. Apempheni abwereze zimene munthu wa mufilimuyo wangonena. Makutu oyezera akhale awo, osati anu.

Malo okhala nawonso ndi nkhani. Makanema opyapyala amasiku ano ali ndi masipika aang'ono oloza pansi kapena kumbuyo, ndipo m'chipinda cha simenti mawu amagunda makoma n'kusokonekera. Asendezereni mpando pafupi, moyang'anizana ndi kanema, kuti aziona milomo ya olankhula. Makatani ndi mphasa zimachepetsa kubwerera kwa mawu. Ngati amamvera wailesi, iyikeni pafupi, sipika italoza kwa iwo.

Pamene rimoti singathandize

Njirazi zili ndi malire. Ngati opanga filimu anasakaniza nyimbo mokweza kwambiri, kanema wamba sangazilekanitse bwino ndi mawu. Mungadziwe poyerekeza ndi nkhani: ngati amayi akumva bwino woulutsa nkhani koma akuvutika ndi filimu imodzi, filimuyo ili ndi mbali yake pa vutolo. Koma ngati akuvutikanso pa foni, kutchalitchi kapena kumzikiti, makutu awo akufunika kupimidwa.

Nthawi zina vuto limakhala phula lotseka khutu, limene achipatala amachotsa mosavuta. Musalitokose ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga, chifukwa mumalikankhira mkati ndipo mungaboole khutu. Ngati khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi, likutuluka mafinya, kapena pali chizungulire, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Kupima makutu kumachitika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre komanso pachipatala cha makutu cha African Bible College ku Lilongwe. Ngati muli kutali, yambirani pachipatala chapafupi kuti akuuzeni koyenera kupita. Kumva kotha chifukwa cha ukalamba sikubwerera, koma timakina tovala m'khutu timachunidwa kuti tikweze mawu enieni amene munthuyo akuphonya.