Mawu a chikondi amene analembedwera mpingo wogawikana wa ku Korinto

Mawu a pa 1 Akorinto 13 onena za kuleza mtima ndi kukoma mtima kwa chikondi timawamva kawirikawiri pa ukwati, koma amene anayamba kuwamva anali anthu osamwerana madzi. Aroma anapasula mzinda wa Korinto mu 146 Khristu asanabadwe, ndipo Juliyasi Kaisara anaumanganso mu 44 Khristu asanabadwe, n'kuikamo anthu ambiri amene anali akapolo omasulidwa. Unali mzinda wa madoko awiri ndi malonda, kumene munthu wopanda dzina ankatha kulipeza ndi chuma ndiponso pakamwa pakuthwa. Paulo anakhalako chaka ndi theka, akusoka mahema ndi Akula ndi Priskila, mpaka nthawi ya bwanamkubwa Galiyo cha m'ma 51 Khristu atabadwa. Atachoka, mpikisano wa mumzinda unalowa mumpingo.

Ali ku Efeso patapita zaka zochepa, a m'banja la Kloe anamuuza kuti kwavuta. Ena ankati ndi a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa. Abale ankasumirana kwa oweruza akunja. Pa Mgonero wa Ambuye, umene unkadyedwa ngati chakudya chenicheni m'nyumba ya munthu, opeza bwino ankayamba kudya mpaka kuledzera, pamene osauka, mwina akapolo oweruka mochedwa, ankakhala ndi njala. Pakupembedza, olankhula malilime ankalankhulira pamodzi popanda womasulira. Mutu 13 uli pakati penipeni pa nkhani yomalizayi: mutu 12 ukunena za mphatso zosiyanasiyana m'thupi limodzi, mutu 14 ukuika dongosolo lakuti olankhula malilime asapitirire atatu ndipo azisinthana. Tsono taonani zimene Paulo akuti chikondi sichichita. Nsanje anali atawadzudzula nayo kale m'mutu 3, kudzitama m'mutu 4, kudzitukumula m'mitu 4, 5 ndi 8, kufuna zako zokha m'mutu 10. Mkorinto womvetsera kalata yonse ikuwerengedwa mokweza sakanalephera kudziona pagalasi limeneli. Kuleza mtima kukutsogolera mndandanda chifukwa, kwa ine, ndiko kunasowa kwambiri: kudikira mbale wochedwa ku chakudya, kukhala chete kuti mnzako amalize kunenera.

Pali akatswiri, mmodzi mwa iwo Johannes Weiss, amene anakayikira kuti mutuwu unalembedwera malo amene ulipo. Mfundo yawo si yopepuka: kalembedwe kake n'kosalala ngati nyimbo, sukutchula Korinto ngakhale Yesu, ndipo utauchotsa, mapeto a mutu 12 amalumikizana bwinobwino ndi chiyambi cha mutu 14. N'zotheka ndithu kuti Paulo anali atalalikirapo mawu ena otere kwina. Koma nyimbo yongotamanda chikondi ikanayambiranji ndi malilime, uneneri ndi nzeru, zinthu zomwe Akorinto ankalimbirana? Ndipo ikanachulukitsiranji zimene chikondi sichichita kuposa zimene chimachita? Wina angatinso mawu okoma chotere sangakhale chidzudzulo. Komatu m'mitu yoyambirira Paulo anali atakalipa kale mokwanira, ndipo akanaweruza kuti gulu lakuti ndilo lolondola, akanangowonjezera nkhuni pamoto. Anasankha muyeso umene gulu lililonse linaperewera, iye mwini n'kudziikamo, pakuti ndime zoyambirira amazilankhula ngati za iye yekha.

Kalatayo sinathetse mikangano. Cha m'ma 96, mpingo wa ku Roma unalembera Akorinto kalata yotchedwa 1 Klementi, chifukwa anali atachotsa akulu ena a mpingo pa udindo. Wolembayo anawauza kuti atengenso kalata ya Paulo, ndipo nayenso analemba ndime yotamanda chikondi ngati mankhwala a kugawikana. Apa tikuona kuti owerenga oyambirira ankawamva mawuwa monga onena za mpingo.

Kusintha kunadza pang'onopang'ono. Mitu ya Baibulo imene tili nayo inagawidwa m'zaka za m'ma 1200, ntchito imene amati ndi ya Stephen Langton, ndipo manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi Robert Estienne mu 1551. Zimenezi zinapeputsa ntchito yodula mutu 13 n'kuuwerenga paokha. Ngakhale zinali choncho, buku la mapemphero la Anglikani linauika pa Lamulungu lotsogolera nyengo ya Lenti, nthawi yodzifufuza, osati pa mwambo wa ukwati. Kuuwerenga pa ukwati si kulakwa, pakuti m'banja namonso muli nsanje ndi kusunga mangawa. Chimene chimatayika n'chakuti Paulo anali atakamba kale za ukwati m'mutu 7, ndipo m'mutu 13 ankalankhula kwa anthu amene sanasankhane, olemera ndi akapolo, Ayuda ndi Agiriki, oyenera kudyera pamodzi sabata ndi sabata.