Manotsi a ana a disilekisiya

Manotsi a ana a disilekisiya ndi zolemba za m'kalasi zokonzedwanso kuti mwana wanzeru bwinobwino, koma wovutika kulumikiza zilembo ndi maliwu ake, aziwerenga mosatopa.

Mizere imakhala yaifupi, yosapitirira zilembo 70, ndiponso yotalikirana, chifukwa ikatalika diso limasokera pobwerera kumanzere n'kubwereza mzere womwewo. Zilembo zimakhala zazikulu, za saizi 12 mpaka 14, papepala lachikasu pang'ono losathobwa m'maso. Utoto umasonyeza ntchito ya mawu: mwachitsanzo, pa phunziro la mbewu, mayina onse a ziwalo za mbewu amalembedwa mobiriwira.

Chidule chomvetsera cha manotsiwa, chojambulidwa pafoni, chimakhala cha ziganizo zathunthu, popeza mivi ndi matebulo sizimveka zikawerengedwa mokweza. Njirazi zimapeputsa kuwerenga, koma sizichiza disilekisiya.