Tanthauzo la Mawu Oti Invoisi ya Msonkho

Ngakhale anthu ambiri amayesa kuti kapepala kalikonse kolandira pogula katundu ndi invoisi ya msonkho, pamaso pa bungwe la MRA dzinali limayenera chikalata chokhacho chochokera kwa wogulitsa wolembetsedwa pa msonkho wa VAT, chimene chimaonetsa dzina lake, keyala yake, nambala yake ya TPIN, tsiku, katundu wogulitsidwa ndi msonkho wolipiritsidwa.

Tinene kuti womanga nyumba wolembetsedwa wagula simenti, nalipira K165,000 ya msonkho pamwamba pa mtengo wake. Mwezi ukatha, lamulo limamlola kuchotsera ndalamayo pa msonkho umene iye watolera kwa omlemba ntchito, pakuti boma liyenera kudzailandira kuchokera kwa wogulitsa simenti uja. Koma ngati pa chikalatacho palibe TPIN, kapena dzina lolembedwapo lisiyana ndi la m'kaundula, wofufuza mabuku alibe njira yolondolera msonkhowo kufikira kwa amene anautolera, ndipo sangadziwe ngati munthuyo anali nawo ufulu woulipiritsa. Chifukwa chake amakana pempho lochotsera ndalamayo, kuopa kuti boma lingabweze ndalama imene silinalandire konse. Pamenepo K165,000 ija isanduka katundu wa womanga nyumbayo, angakhale anailipira moona mtima.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chotero inu ogula, werengani chikalata musanachoke m'sitolo, ndipo mukapeza choperewera, pemphani wogulitsa akulembereni china chokwanira. Musadzazepo ndi dzanja lanu.