Maola Olembedwa ndi Masiku Odikira

M'maofesi ambiri mmene antchito amalemba maola awo, mwezi ukatha mkulu wa gulu amawonkhetsa taimushiti ya munthu aliyense n'kupeza kuti onse anali otanganidwa kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Koma makasitomala akudandaulabe kuti ntchito zawo zikuchedwa. Zinthu ziwirizi zikhoza kukhala zoona pa nthawi imodzi, chifukwa mawu akuti "nthawi yotayika" amanyamula zinthu zingapo zosiyana, ndipo taimushiti imaona zina mwa izo, zina osaziona n'komwe. Wofuna kufufuza maola a gulu ayenera kuyamba walekanitsa zinthuzi, chilichonse n'kuchipatsa dzina lake.

Tiyerekeze kampani yaing'ono yokonza timabuku, mapositala ndi makalendala asanapite kukasindikizidwa. Muli okonza asanu ndi mkulu wawo amene amayang'ana ntchito iliyonse isanatumizidwe kwa mwiniwake. Pa milungu inayi pali masiku 20 a ntchito, ndipo pa maola 8 patsiku, anthu asanuwo ali ndi maola 800. Amenewa ndi maola olipidwa, ndipo kuwerengera konse kumayambira pamenepa. M'mataimushiti mwapezeka maola 680 okha. Maola 120 otsalawo ndi maola osalembedwa, ndipo apa m'pamene akuluakulu ambiri amafulumira kukwiya. Ine sindiwerengera maola amenewa ngati ulesi. Nthawi zambiri mumakhala kuyankha foni, kudikira magetsi kapena intaneti, kufunafuna chithunzi chimene chinasungidwa molakwika, ndi kuthandiza mnzako kwa mphindi khumi. Palibe amene amatsegula mzere wa taimushiti kuti alembe mphindi khumi. Chimene mpata umenewu ukunena n'chakuti gawo lina la tsiku lilibe polembedwa, ndiye funso loyenera ndi lakuti gawolo muli chiyani.

Tisanakhulupirire ngakhale maola 680 aja, tione mmene analembedwera. Peter Drucker, katswiri wa kayendetsedwe ka makampani, analemba m'zaka za m'ma 1960 kuti akuluakulu akafunsidwa mmene amagwiritsira ntchito nthawi yawo, zimene amakumbukira zimasiyana kwambiri ndi zimene zinalembedwa pa nthawi imene zinkachitika. Taimushiti yodzazidwa Lachisanu madzulo imalembedwa kuchokera m'mutu, ndipo imadziwika mosavuta. Tsiku lililonse limakwana maola 8 ndendende, ntchito zonse zimatenga maola awiri kapena anayi, palibe ya mphindi 40, ndipo mzere wa "zina ndi zina" umanenepa. Njira yoyesera ngati zolembazo zili zoona inachokera ku mafakitale a nsalu a ku Britain, kumene Leonard Tippett wa ku Shirley Institute mumzinda wa Manchester anailongosola m'zaka za m'ma 1930. M'malo molondalonda munthu ndi wotchi, umangosuzumira pa nthawi zosayembekezeka kambirimbiri n'kulemba chimene chikuchitika pa mphindi imeneyo. Ngati mwa maulendo 200 osuzumira wapeza anthu ali pa msonkhano maulendo 50, pamene taimushiti ikuti misonkhano ikutenga gawo limodzi mwa magawo khumi, dziwa kuti taimushitiyo ikubisa misonkhano m'mizere ina.

Tsopano tigawe maola 680 aja. Maola 410 anapita pa kukonza ntchito za makasitomala koyamba, 130 pa kukonzanso zimene zinabwezedwa, 90 pa misonkhano, ndipo 50 pa timaudindo ta mu ofesi. Maso a aliyense amathamangira pa misonkhano chifukwa ndiyo imene anthu amadana nayo, ndipo kuichepetsa ndi theka kungapulumutsedi maola 45. Koma chiwerengero chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi cha ntchito yobwereza, imene ikudya pafupifupi ola limodzi mwa maola anayi aliwonse opita kwa makasitomala. Ntchito yobwereza ndi ntchito imene inagwiridwa kale, n'kugwiridwanso chifukwa china chake chinalakwika kapena chinasintha. Vuto lake n'lakuti m'mataimushiti ambiri siioneka. Munthu amalemba "kabuku ka sukulu, maola 3" Lachiwiri, n'kulembanso zomwezo sabata yotsatira, ndipo mizere iwiriyo imaoneka ngati ntchito yabwinobwino. Kuti ionekere, pafunika danga limodzi lonena ngati olalo ndi logwira koyamba kapena lobwereza, ndi lina lalifupi lonena chifukwa chake.

Danga la chifukwalo ndi limene limasonyeza pokonza. Tinene kuti mwa maola 130 aja, 85 achokera ku ntchito 14 zokha, ndipo zonsezo zinayambidwa mwiniwake asanatumize mawu onse oyenera kulowa m'kabukumo. Wokonza anasanja masamba, mawu ena atabwera masamba onse anasuntha, ndipo anayambiranso. Apa palibe wokonza waulesi kapena wosadziwa ntchito. Cholakwika chili pa khomo polandirira ntchito, ndipo mankhwala ake ndi lamulo loti ntchito siyamba zofunika zonse zisanakwane. Kukanakhala kuti tinangogawa maola 130 kwa anthu asanu n'kunena kuti aliyense amataya maola 26, tikanadzudzula anthu popanda kukonza kalikonse.

Zonse zimene tawerenga mpaka pano ndi maola a anthu. Pali wotchi ina yachiwiri imene taimushiti ilibe, ndiyo ya ntchitoyo payokha. Amene anapitako kuchigayo amaidziwa bwino: chimanga chako chimagayidwa mphindi khumi, koma m'mawa wonse umathera pamzere. Nthawi imene munthu akuigwiradi ntchitoyo tiitche nthawi yogwira. Nthawi yonse kuyambira tsiku limene kasitomala anapempha kufikira tsiku limene analandira tiitche nthawi ya ulendo. Kusiyana kwa ziwirizi ndi nthawi yodikira, ndipo palibe amene amailemba, chifukwa ntchito ikagona m'thireyi, wokonza amakhala akugwira ina ndipo ola lake limalembedwa pa inayo. Taiichi Ohno wa kampani ya Toyota ku Japan anaika kudikira pakati pa mitundu isanu ndi iwiri ya kutaya kumene kumachitika pa ntchito, pamodzi ndi kupanga zinthu zolakwika. Mu ofesi, chimene chimadikira kwambiri ndi ntchitoyo, anthu ali kalikiliki ndi zina.

M'mwezi wathu uja gulu linamaliza ntchito 60. Maola ogwira ndi obwereza pamodzi ndi 540, kutanthauza maola 9 pa ntchito iliyonse. Koma masiku olandirira ndi operekera akusonyeza kuti ntchito imodzi imatenga masiku 12 a ntchito, amene ndi maola 96. Choncho pa ulendo wonsewo ntchito inali m'manja mwa munthu kwa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi. Mu Excel, ngati tsiku lolandira lili mu B, lopereka mu C, ndipo maola ogwira ali mu D, gawo limeneli limapezeka motere:

```
=D2/(NETWORKDAYS(B2,C2)*8)
```

Dziwani kuti `NETWORKDAYS` imawerenga tsiku loyamba ndi lomaliza lomwe, ndipo siichotsa masiku a tchuthi pokhapokha mutaipatsa mndandanda wake. Chiwerengero chimene chatulukachi chikutiuza zinthu zowawa. Ngakhale okonza atafulumira kawiri kuposa lero, kuchoka pa maola 9 kufika pa maola anayi ndi theka, zimenezo zingapulumutsire kasitomala pafupifupi theka la tsiku lokha mwa masiku 12. Maola 87 enawo ali kwina, ndipo kuti apezeke pafunika kulemba tsiku limene ntchito yasintha malo. Tikatero tipeza kuti masiku 5 imadikira kuti wina aiyambe, masiku 3 imadikira mkulu aiyang'ane, ndipo pafupifupi masiku 3 imadikira yankho la kasitomala.

Pali lamulo la masamu lothandiza kutsimikiza ziwerengerozi popanda kudalira zolemba za wina aliyense. John Little analitsimikiza mu 1961, ndipo limatchedwa ndi dzina lake. Limati chiwerengero cha zinthu zimene zili m'kati mwa mzere chimafanana ndi liwiro limene zikudutsira kuchulukitsa ndi nthawi imene chilichonse chimakhalamo, bola zolowa ndi zotuluka zikhale zofanana pa nthawi yaitali. Gulu lathu limamaliza ntchito 3 patsiku, ndipo iliyonse imakhala masiku 12, ndiye pa tsiku lililonse payenera kukhala ntchito pafupifupi 36 zosamalizidwa. Pa tebulo la mkulu pokha payenera kukhala 9, ndipo zosayambidwa zikhale 15. Izi munthu angathe kunyamuka n'kukaziwerenga ndi chala. Akapeza 20 m'malo mwa 36, pali masiku amene analembedwa molakwika, kapena mweziwo sunali wamba. Lamuloli limachenjezanso za chinyengo china chofala, chochepetsa ntchito zoyambidwa n'kumayesa ulendo kuyambira tsiku loyamba kugwira. Chiwerengero chimakongola, koma kasitomala amene pempho lake lagona masiku asanu lisanayambidwe akudikirabe monga kale.

Masiku atatu a pa tebulo la mkulu ndiwo osavuta kuchotsa. Ngati mkuluyo amayang'ana ntchito zonse kamodzi pa sabata, kusintha kuti aziyang'ana m'mawa uliwonse kumachotsa masiku awiri kapena kuposerapo pa ntchito iliyonse, popanda kuwonjezera ola limodzi pa taimushiti ya munthu aliyense. Masiku asanu odikira kuyamba ndi ovutirapo, chifukwa amachokera ku kutanganidwa, ndiko kuti gawo la maola olipidwa limene ladzaza kale ndi ntchito. Akuluakulu amakonda kuona gawoli likukwera, koma masamu a mizere amasonyeza mtengo wake. Pa mzere wosavuta wa wotumikira mmodzi, mmene ntchito zimafika mosayembekezeka ndipo zimasiyana kukula, munthu wotanganidwa maola 80 mwa 100 amadikiritsa ntchito nthawi yotalika kanayi kuposa yoigwira. Akafika pa 90 imakhala kasanu ndi kanayi, pa 95 imafika ka 19. N'chifukwa chake maola 85 owomboledwa ku ntchito yobwereza si oyenera kudzazidwa onse ndi ntchito zatsopano tsiku lomwelo. Ena asiyidwe kuti adye mulu wa ntchito 15 zija.

Kufufuza konseku kumadalira zolemba zoona, ndipo zolemba zimakhala zoona pokhapokha olembawo atadziwa kuti sizidzawabwerera. Tsiku limene wokonza adzaitanidwe kwa abwana chifukwa cholemba maola 6 m'malo mwa 8, mwezi wotsatira aliyense adzalemba 8, ntchito yobwereza idzalembedwa ngati yatsopano, ndipo taimushiti idzasiya kunena chilichonse chothandiza. Inu amene mukutsogolera gulu, sanjani maola potsata mtundu wa ntchito ndi malo amene imaima, mayina a anthu muwachotse pa lipoti, ndipo zimene mwapeza muyambe mwaonetsa gululo musanapite nazo kwa akuluakulu.